Kuzula ndodo ya chishalo yomwe yakanirira m'felemu ya njinga

Chishalo cha njinga chimakhala pa kapaipi kamene kamalowa m'paipi yaikulu ya felemu. Kuti mapaipi awiriwa asatisokoneze, kapaipi konyamula chishaloko tizikatchula kuti ndodo ya chishalo, ndipo paipi imene ndodoyo imalowamo tiziitchula kuti paipi ya felemu. Njinga ikakhala zaka zingapo ndodoyi isanazulidwepo, makamaka ngati imanyowa ndi mvula kapena imagona panja, limafika tsiku lakuti mumamasula bawuti yonse koma chishalo osasuntha ngakhale pang'ono. Mfundo imene iyenera kukutsogolerani pa ntchito yonseyi ndi yakuti chofunika kupulumutsa ndi felemu. Ndodo ikhoza kuphwanyika, kubooledwa kapena kudulidwa, ndipo mudzaikapo ina, koma felemu ikang'ambika pakamwa pa paipi kapena ikapindika, njinga yonse yawonongeka.

Yambani ndi maginito

Musanagwire sipanala kapena nyundo, dziwani kuti ndodo ndi felemu zinapangidwa ndi chiyani, chifukwa njira yothandiza pa njinga ina ikhoza kupha ina. Tengani maginito muigunditse pa ndodo, kenako pa paipi ya felemu. Ikamata, chimenecho ndi chitsulo; ikapanda kumata, nthawi zambiri ndi aluminiyamu. Pali njinga zina zamakono zimene felemu yake ndi ya kaboni, yopepuka kwambiri ndipo mukaigogoda ndi chala imalira ngati pulasitiki. Felemu yotereyi siifuna moto, mankhwala amphamvu kapena kupotozedwa mwamphamvu, choncho ndi bwino kuisiya m'manja mwa katswiri wodziwa kaboni. Zimene zikutsatirazi ndi za chitsulo ndi aluminiyamu.

Ngati zonse ziwiri ndi zachitsulo, chimene chagwira ndodo ndi dzimbiri wamba, lofiirira lija, ndipo vutoli ndi lopepukirapo, chifukwa mafuta opyapyala amalowerera m'dzimbiri n'kulifewetsa. Vuto lolemera ndi la ndodo ya aluminiyamu yolowa m'felemu yachitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali madzi pakati pake, makamaka madzi amchere kapena thukuta, chimodzi chimadyeka msanga kuposa mmene chikanadyekera chili chokha, ndipo pano chodyekacho ndi aluminiyamu. Akamadyeka amasanduka ufa woyera wolimba, umene umatenga malo aakulu kuposa aluminiyamu amene unachokerako. Mpata wa pakati pa ndodo ndi paipi ndi wochepa kwambiri, kachigawo chabe ka milimita imodzi, motero ufawo umadzaza mpatawo n'kuyamba kukankha mbali zonse kuzungulira ndodo yonse. N'chifukwa chake mafuta okha kawirikawiri sathandiza pa ndodo ya aluminiyamu: palibe mpata woti adutsemo, komanso sasungunula ufawo. Mukaona kaufa koyera kapena kotuwa pamene ndodo yatulukira m'felemu, dziwiranitu kuti ntchitoyi itenga masiku.

Palinso chifukwa chachitatu, chimene si dzimbiri ayi. Ndodo zimasiyana kunenepa kwake, ndipo miyeso yofala ndi mamilimita 25.4, 27.2, 30.9 ndi 31.6, koma pakati pake palinso ina yosiyana ndi mamilimita 0.2 okha, monga 26.8 ndi 27.0. Wina akaika ndodo yonenepa pang'ono n'kuikhomerera ndi nyundo, imagwira zolimba ngakhale isanachite dzimbiri. Zizindikiro zake ndi mikwingwirima yozama pa ndodo ndiponso mpata wa kumbuyo kwa paipi woyasama kuposa mmene uyenera kukhalira. Ndodo yotere imatuluka ndi mafuta ndi kupotoza basi.

Kumasula pakamwa pa paipi

Chotsani bawuti yomangira ndodo, osangoimasula chabe. Ngati njingayo ili ndi mkombero womangira wochotseka, ukwezeni m'mwamba pa ndodo kuti usagwirenso paipi. Pa felemu zachitsulo zambiri zakale pamakhala timakutu tiwiri tolumikizidwa ku paipi, mmene bawuti imadutsamo, ndipo pakati pake pali mpata wotsika masentimita awiri kapena atatu. Pambuyo pa zaka zambiri timakutu timeneti timakhalabe totsekeka ngakhale bawuti yachoka. Lowetsani nsonga ya sukuludiraiva yaphwatalala pakati pake n'kupotoza pang'ono chabe, mpaka muone kuti milomo ya paipi yasiya kufinya ndodo. Musapitirire pamenepo, chifukwa timakutu tikathyoka pafunika kuwotcherera, ndipo pa felemu ya aluminiyamu musayese n'komwe kutanula mpatawu, popeza aluminiyamu amang'ambika msanga kumunsi kwa mpata.

Mukatero, zungulizani kachidutswa ka tepi pa ndodo ndendende pamene yatulukira, ndipo jambulani kamzere koongoka kochokera pa ndodo kufika pa paipi. Kamzereka kadzakuuzani zoona pa masiku akubwerawo, chifukwa ndodo ikayamba kusuntha imayenda pang'ono kwambiri moti manja sangamve, koma diso limaona mzere utaduka pakati.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amafulumira kuchita, chimene ndikupemphani kuti muchipewe: kumenya chishalo kapena mutu wa ndodo ndi nyundo kuchokera pamwamba. Maganizo ake amakhala akuti ndodo ikatsika ndiye kuti dzimbiri lasweka. Nthawi zina zimatheka, koma zikakanika mumakhala mutaikhomera pansi kwambiri, pamene paipi ndi yakuda ndi yothina, ndipo mbali yoti mugwire pokoka yafupika. Kugogoda kothandiza ndi kwa m'mbali: tengani kathabwa mukaike pa ndodo pafupi ndi felemu, mumenye pang'onopang'ono kuzungulira mbali zonse, kuti kunjenjemerako kusweko ufa wa mkati. Paipi ya felemu yeniyeniyo musaimenye, chifukwa khoma lake pa felemu zambiri zachitsulo silifika milimita imodzi.

Kunyika, ndi kudikira

Thirani mafuta opyapyala omasulira mabawuti adzimbiri kuzungulira pamene ndodo yalowera ndiponso mu mpata wa kumbuyo uja. Ngati mulibe, palafini kapena dizilo amagwira ntchito yomweyo, ngakhale pang'onopang'ono. Oyilo wa injini ndi wokhuthala kwambiri, sangalowe m'mpata wothina chotere.

Kuthira kuchokera pamwamba kumanyowetsa masentimita ochepa okha, pomwe ndodo mwina yalowa masentimita 15 kapena kuposa. Kuti mafuta afike mbali yonse, afunika kubwera kuchokera pansi. Chotsani mawilo, tcheni ndi mikono ya mapedulo, kenako mutulutse ekiselo ya mapedulo ndi maberingi ake. Mukasuzumira m'chibowo chimene ekiselo inali, pa felemu zambiri muona bowo lotulukira m'paipi ya chishalo. Tembenuzani felemu chadodolido, ndodo iloze pansi, tsekani mutu wa ndodo ndi chiguduli ndi pulasitiki ngati uli ndi bowo, kenako thirani mafuta kudzera m'bowo lija. Apa pali msampha umene ambiri sauona: ndodo ndi yamphako, choncho mafuta oyamba amangodzaza mphako ya ndodoyo osakhudza pomwe pagwira. Muyenera kuthira mpaka adzaze mphako yonse n'kusefukira pamwamba pa mapeto a ndodo, pamenepo m'pamene amayamba kulowerera pakati pa ndodo ndi paipi. Ngati paipiyo ili ndi timabowo ta mabawuti omangira botolo la madzi, mukhoza kuthirira pamenepo osachotsa ekiselo, bola kabowoko kakhale pamwamba pa mapeto a ndodo felemu ikatembenuzidwa.

Isiyeni choncho tsiku lathunthu, kenako muyese kupotoza. Ikakana, onjezerani mafuta, gogodani m'mbali, mudikirenso. Pa ndodo yachitsulo masiku awiri kapena atatu amakwanira nthawi zambiri, ndipo chizindikiro chabwino ndi mafuta ofiirira akutulukira pakamwa pa paipi, kusonyeza kuti adutsa utali wonse. Pa ndodo ya aluminiyamu amakaniko ena amathira amoniya wotsukira m'nyumba m'malo mwa mafuta, pofuna kufewetsa ufa woyera uja. Ngati mwasankha njirayi, yambani ndi amoniyayo mafuta asanalowe, chifukwa mafuta amatchinga njira, gwirirani ntchito panja popita mphepo, ndipo musamusakanize ndi mankhwala oyeretsera okhala ndi kolorini, chifukwa pamatuluka mpweya wakupha.

Kupotoza: felemu ndiyo ikhale mpini

Kuyesa koyamba n'kosavuta. Mangani chishalo chakale chimene simukuchifunanso, bwezerani mawilo ngati munawachotsa, imikani njinga, panani wilo lakumbuyo ndi miyendo, mugwire chishalo kutsogolo ndi kumbuyo n'kupotoza uku ndi uku mukukokera m'mwamba. Chishalo chabwino musachigwiritse ntchito imeneyi, chifukwa mawaya ake apansi amapindika. Ikakana apa, musataye mphamvu. Mpini wa chishalo ndi waufupi.

Njira imene imatulutsa ndodo zambiri ndi ya vayisi yomangidwa pa tebulo lolemera losasuntha. Chotsani chishalo, tembenuzani felemu yopanda mawilo, ndipo panani mutu wa ndodo m'vayisi mwamphamvu, felemu ili m'mwamba. Tsopano mpini wanu ndi felemu yonse. Munthu mmodzi agwire kutsogolo, pa paipi imene foloko imadutsamo, wina agwire pafupi ndi chibowo cha mapedulo, nonse mupotoze mbali imodzi mwamphamvu yokhazikika, osati modzidzimutsa, kenako mubwerere mbali inayo. Musagwire kumapeto kwa timapaipi tating'ono ta kumbuyo tonyamula wilo, chifukwa timapindika mosavuta. Ngati n'kotheka bwezeranimo habu yakale kapena ekiselo ndi manati ake kuti timapaipito tisafinyike.

Ndodo ikagonja imalira mokweza ngati chinthu chathyoka, ndipo amene sanamvepo amaganiza kuti felemu yasweka. Yang'anani mzere munajambula uja. Ngati waduka, ndodo yasuntha, ndipo ntchito yaikulu yatha. Thiraninso mafuta nthawi yomweyo, mupitirize kupotoza uku ndi uku pang'onopang'ono, mukukankhira felemu m'mwamba nthawi iliyonse mukupotoza. Musazungulitse felemu mbali imodzi yokha mosalekeza, chifukwa ufa wa mkati umadzikundika n'kukanda ndodo mpaka kugwiranso. Komanso gwirani paipi kawirikawiri kuti mumve kutentha kwake. Kukhulana kumatenthetsa ndodo, aluminiyamu amafufuma, ndipo ndodo imene inayamba kuyenda imalimbanso. Zikatero lekani, ithireni madzi ozizira, mupume mphindi khumi, kenako muyambirenso. Ndodo yolowa masentimita 15 ikhoza kutenga ola lathunthu kuti ituluke, ikukwera mamilimita ochepa nthawi imodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalakwika pa sitepe imeneyi. Choyamba, pa ndodo zambiri mutu ndi chidutswa chapadera chomatidwa kapena chofinyiridwa m'paipi yake, ndiye mutuwo ukhoza kuyamba kuzungulira wokha ndodo ili chiimire. Mudzadziwa chifukwa felemu iyenda mosavuta koma mzere wanu uli woongokabe. Zikatero chotsani mutuwo, lowetsani chitsulo chobulungira kapena soketi yokwana bwino m'mphako ya ndodo kuti isaphwanyike, kenako mupane ndodo yeniyeniyo m'vayisi. Njira ina ndi kuboola bowo lopingasa la mamilimita 10 kudutsa ndodo, masentimita angapo pamwamba pa felemu, n'kulowetsamo bawuti yolimba yoti vayisi igwire. Chachiwiri n'choopsa kwambiri: felemu yeniyeniyo kuyamba kupotoka. Mukaona penti ikuchita timing'alu kapena makwinya pafupi ndi polumikizira mapaipi, kapena mukamva felemu ikufewa m'manja osabwerera mmene inalili, siyani pomwepo. Pa chifukwa chomwechi sindilimbikitsa kuwonjezera paipi yaitali ya mamita awiri pa felemu kuti mphamvu ichuluke. Mphamvu ya anthu awiri ikalephera, yankho silikhala mphamvu yoposa pamenepo, koma njira ina.

Kutentha ndi kuzizira

Aluminiyamu amafufuma ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndipo amafotanso kawiri akazizira. Mfundo imeneyi ndiyo ikuuzeni choti muchite. Ngati felemu ndi ya aluminiyamu ndipo ndodo ndi yachitsulo, kulungani paipi ya felemu ndi nsanza, muthirepo madzi owira ketulo imodzi kapena ziwiri, n'kupotoza ikadali yotentha, chifukwa paipi ikukula kuposa ndodo. Ngati felemu ndi yachitsulo ndipo ndodo ndi ya aluminiyamu, kutenthetsa zonse pamodzi kumalimbitsa ndodoyo nthawi imene ili yotentha. Chofunika ndi kuziziritsa ndodo: felemu ili chadodolido, dzazani mphako ya ndodo ndi madzi oundana ophwanyaphwanya osakaniza ndi mchere, dikirani mphindi 15, kenako thirani madzi otentha kunja kwa paipi mwachangu n'kupotoza nthawi yomweyo, kutentha kusanafike ku ndodo. Mukatha mutsuke mcherewo bwinobwino ndi madzi oyera.

Musayembekezere zodabwitsa. Pa ndodo ya mamilimita 27.2, kuiziziritsa ndi madigiri 40 kumaifotetsa ndi mamilimita pafupifupi 0.025, kochepera kunenepa kwa tsitsi limodzi. Phindu lenileni lili m'kubwereza: kutenthetsa, kusiya kuti zizizire, kutenthetsanso, katatu kapena kanayi, chifukwa zitsulo ziwirizo zikamafufuma ndi kufota mosiyana ufa wolimba uja umang'aluka ndipo mafuta amapeza njira. Za moto wa gasi kapena wowotcherera ndinganene mwachidule kuti umapsereza penti, umafooketsa felemu ya aluminiyamu moti singadalirikenso, ndipo ngati m'paipi muli palafini kapena mafuta, amayaka n'kulavula malawi kumaso kwa wogwira ntchito. Madzi owira ndi okwanira.

Kudula ndodo kuchokera mkati

Zonsezi zikakanika, ndodo iyenera kudulidwa. Ndifotokoza mmene ndinachitira pa njinga ina ya felemu yachitsulo ndi ndodo ya aluminiyamu ya mamilimita 27.2, imene inakhala pa khonde lodontha kwa zaka zingapo. Ndinainyika masiku asanu, ndinaiika m'vayisi kawiri, mutu unazungulira wokha, ndipo bowo lopingasa limene ndinaboola linangong'ambika. Pamenepo ndinadziwa kuti kupitiriza kupotoza kukanangowononga felemu.

Ndinadula ndodo chopingasa, kusiya masentimita atatu pamwamba pa felemu. Musadule molingana ndi pakamwa pa paipi, chifukwa kachidutswa kotsalako ndiko mudzagwire pomaliza. Kenako ndinatenga sipoko yakale, ndinapinda nsonga yake ngati mbedza, ndinailowetsa m'mphako n'kuikoka mokhudza khoma mpaka inakola mapeto a ndodo. Inaonetsa kuti ndodo yalowa masentimita 14. Muyeso umenewu ndi wofunika, chifukwa mpeni wa sowo yodulira zitsulo ndi wautali masentimita 30, ndipo mbali ina muyenera kuigwira m'manja. Ndodo ikalowa kupitirira masentimita 20, mpeniwo umapindika kunsonga ndipo kudula kwa pansi kumavuta kwambiri.

Ndinachotsa mpeni pa chogwirira chake, ndinakulunga mbali imodzi ndi nsanza ndi tepi, mano akuloza kwa ine kuti uzidula ndikamakoka. Mpeni wopanda chogwirira ukamadula pokankha umapindika n'kuthyoka. Wa mano akuluakulu, 18 pa inchi, ndi wabwino, chifukwa aluminiyamu amamata pakati pa mano ang'onoang'ono. Ngati mpeni sukulowa m'mphako, uchepetseni kumsana kwake pa mwala wonolera. Cholinga ndi kucheka mzere woongoka kuyambira pamwamba mpaka pa mapeto a ndodo, kudutsa khoma lonse la ndodo, osakhudza paipi ya felemu. Mzere woyamba ndinauyambira ndendende pamene pali mpata wa kumbuyo kwa paipi, kuti mpeni ukaboola pamwamba ndiuone kudzera mu mpatawo.

Vuto lalikulu pa ntchitoyi ndi lakuti pamwamba pamadulika msanga chifukwa dzanja lili pafupi, pomwe pansi pamatsalira. Munthu akapanda kusamala amacheka pakamwa pa felemu pomwe kumunsi kwa ndodo sikunafike ngakhale theka. Choncho mpeni uzigona mofanana ndi khoma utali wonse, ndipo mphamvu muziitumiza kunsonga, mukupendeketsa dzanja pang'ono kuti nsongayo ndiyo izidya kwambiri. Mukacheka mphindi zingapo, tulutsani mpeni, pemererani kapena kutsanula utuchi, muunike ndi tochi. Mzere ukakhala wowala pansi pake, mukadali m'aluminiyamu. Mukayamba kuona kamzere kakuda kapena kofiirira, mwafika pa paipi, ndipo pamenepo musachekenso. Makutu nawo amathandiza: m'aluminiyamu sowo imalira mofewa, koma ikakhudza chitsulo imayamba kulira mokweza ndi kuterereka. Ine ndinkagwetseranso utuchi pa pepala n'kuyendetsapo maginito. Utuchi wa aluminiyamu sunyamuka, ndiye tinthu tikayamba kumata pa maginito ndi chenjezo lakuti mwafika pa dzimbiri kapena pa felemu yeniyeniyo. Pa felemu ya aluminiyamu zizindikiro zimenezi kulibe, ndipo paipi ndi yofewa ngati ndodo yomwe, choncho kumeneko tochi ndi kudekha ndizo zokha zokutetezani.

Mzere woyamba unanditengera pafupifupi maola awiri, popeza khoma la ndodoyo linali lokhuthala mamilimita awiri ndi theka. Ndinapana kachidutswa kotuluka kaja ndi pulayala yokhoma, pafupi ndi mzere, n'kuyesa kupindira mkati, koma sikanasunthe. Ndinachekanso mzere wachiwiri, sentimita imodzi ndi theka kuchokera pa woyamba, kuti pakhale kachingwe kopyapyala pakati pa mizere iwiriyo. Kachingweko ndinakapana n'kukapindira mkati, ndipo kanayamba kusenda kuchoka pa paipi mpaka kanaima masentimita atatu kuchokera pansi, pamene mpeni sunafike bwino. Ndinabwezeramo mpeni, ndinamaliza pansipo, kachingweko kanatuluka. Kachidutswa kameneka kakachoka, ndodo yotsalayo imakhala ndi malo ofinyikira. Ndinaipana m'vayisi kuti mpata wochekawo utsekeke, ndinapotoza felemu pang'ono, ndipo inatuluka yonse, yokutidwa ndi ufa woyera wokhakhala ngati mchenga. Pamene mukusenda, musakhomere sukuludiraiva kapena chizulo pakati pa ndodo ndi paipi, chifukwa paipi yopyapyalayo imatupa kunja n'kusiya chotupa chimene sichibwereranso.

Za soda wowotcha

Pali njira ina yomaliza, yogwiritsa ntchito soda wowotcha amene amatsegulira mapaipi otsekeka a madzi oipa. Sodayu amasungunula aluminiyamu koma sadya chitsulo, choncho amayenera pa felemu yachitsulo yokha yokhala ndi ndodo ya aluminiyamu, makamaka pamene ndodo yalowa mozama kwambiri moti sowo singafike. Pa felemu ya aluminiyamu adzadya felemu yomwe. Ndi njira yoopsa: madzi ake amatentha n'kuwira, amathovoka, amawononga penti, amawotcha khungu ndipo akagwera m'diso akhoza kuchititsa munthu kusaona, komanso pamatuluka mpweya wa haidirojeni umene umayaka mosavuta. Amene waisankha achotse chilichonse cha aluminiyamu pa felemu, agwire ntchito panja kutali ndi moto, ana ndi ziweto, avale magalasi otseka maso onse, magolovesi a labala ndi zovala za manja aatali. Soda amathiridwa pang'onopang'ono m'madzi ozizira m'chidebe cha pulasitiki, osati madzi kuthiridwa pa soda. Mapeto odulidwa a ndodo amatsekedwa zolimba, felemu imaimikidwa chadodolido m'beseni la pulasitiki, mankhwala amathiridwa pang'onopang'ono kudzera m'chibowo cha mapedulo, ndipo chibowocho chimasiyidwa chotsegula kuti mpweya uzituluka. Pamafunika kusintha mankhwalawo kangapo mpaka ndodo itapyapyala ngati pepala. Akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 20, ndipo ngati ndi m'maso pitani kuchipatala msanga. Ngati sowo ingathe kufika, ine ndimasankha sowo.

Ndodo ikatuluka

Unikani m'paipi ndi tochi musanaganize zoikamo ndodo ina. Yang'anani kumunsi kwa mpata wa kumbuyo, kuzungulira timakutu ndi polumikizira mapaipi ngati pali mng'alu, ndipo dinani paipi ndi chala chachikulu m'mbali mwake. Pamene penti yatupa ndipo chitsulo chikufewa, dzimbiri ladya mpaka kunja, ndipo felemu yotereyo isakweredwe isanaonedwe ndi wodziwa kuwotcherera. Kamkwingwirima kosaya ka sowo m'kati mwa paipi yachitsulo si koopsa, koma mzere wozama moti chikhadabo chikukolamo kwambiri, makamaka pafupi ndi pakamwa, ndi poyambira mng'alu.

Poyeretsa, chekani mpata kunsonga kwa kamtengo kobulungira, lowetsanimo kachidutswa ka sandipepa, mukulunge, n'kukhula m'paipi mpaka ufa ndi dzimbiri zitachoka. Lekani chitsulo chikayamba kuoneka, chifukwa mukapitiriza mukulitsa paipi ndipo ndodo yatsopano izidzatsika yokha. Pukutani ndi nsanza ya palafini, kenako ndi youma, ndipo musaiwale kuchotsa utuchi umene wagwera m'chibowo cha mapedulo musanabwezeretse maberingi.

Muyeso wa ndodo umalembedwa kumunsi kwake, pafupi ndi mzere wosonyeza pamene iyenera kulowa, ndipo ngati nambalayo yadyeka yezani chidutswa chosaphwanyika ndi kalipa, chipangizo choyezera kunenepa kwa zinthu. Ndodo yoyenera imalowa ndi dzanja mokhula pang'ono, yosagwedera ndiponso yosafuna nyundo. Pakani girisi wopyapyala mkati mwa paipi ndi pa mbali yonse ya ndodo imene ilowe, chifukwa girisiyo ndiye amatchinga madzi ndi kulekanitsa zitsulo ziwirizo. Pa kaboni pamapakidwa phala lake lapadera, osati girisi wamba. Lowetsani mpaka mzere wochenjeza uja ubisike, mumange bawuti mokwanira kuti chishalo chisazungulire mukachipotoza ndi manja, ndipo ngati pa mkombero palembedwa muyeso wa kamangidwe, umene nthawi zambiri umakhala pakati pa 4 ndi 6 Nm, musaupitirire. Dzazani girisi pang'ono mu mpata wa kumbuyo, chifukwa madzi ndi matope ochokera ku wilo lakumbuyo amalowera pamenepo. Kuyambira pamenepo muzizula ndodoyo kamodzi pa miyezi 6 iliyonse, ndiponso njinga ikanyowa kwambiri, n'kutembenuza felemu kuti madzi a m'paipi atuluke, kuipukuta ndi kuipakanso girisi musanaibwezere pa mzere wa tepi wosonyeza msinkhu wanu.